Kanema wa kwaya pa foni kapena pa laputopu yakale: ndilipire kapena ndiyambe ndi zaulere?

Chisomo wa ku Bangwe
Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndikupempha nzeru. Kwaya yathu inajambulitsa nyimbo ku situdiyo, ndiye Loweruka tinakajambula kanema wake ndi mafoni awiri, panja pa tchalitchi komanso m'kati. Zojambula zonse zakwana mphindi 40, koma nyimboyo ndi ya mphindi 6. Ntchito yolumikiza andipatsa ine, chonsecho sindinaeditepo chiyambire. Ndili ndi foni ya ramu ya 4 GB komanso laputopu yomwe ndinagula kwa munthu ku Limbe. Atsogoleri a kwaya akuti ngati pakufunika kulipira pulogalamu ndinene, asonkha. Ndiye ndilipire iti, kapena zaulere zikhoza kuigwira ntchitoyi?

Mada Ndix
Asisi musataye nthawi ndi tinthu taulere. Akatswiri ambiri amagwiritsa ntchito Premiere Pro. Zaulere zimakumatani chidindo chawo pakona pa kanema, ndiye aliyense woonera amadziwiratu kuti yapangidwa ndi wophunzira. Ngati ndalama zavuta tengani DaVinci Resolve, imeneyo yokha ndiye yaulere yeniyeni.

Che Jafali
Achemwali, tisanatchule dzina la pulogalamu tione kaye makina, chifukwa amene amasankha ndi makinawo. Pa laputopupo dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, patseguka Task Manager. Pitani pa Performance, mutiuze zimene zalembedwa pa CPU, pa Memory, pa Disk ndi pa GPU. Pa Memory muyang'anenso mmunsi pamene alemba kuti Slots used. Pa foni mutiuze malo amene atsala.

A Mada, nkhani ya chidindoyo ndi yoona pa mapulogalamu ena okha. KineMaster ndi Filmora zaulere zimamatadi chidindo. InShot imamata, koma mukaonera kotsatsa malonda imachotsa pa kanema ameneyo. VN, Shotcut, Kdenlive ndi DaVinci Resolve sizimata kalikonse. CapCut imawonjezera kachidutswa ka dzina lake kumapeto, koma mukakagunda n'kudina Delete kamachoka osalipira.

Chisomo wa ku Bangwe
Ndaona. CPU ndi Core i5-6200U, Memory 8 GB, Slots used 1 of 2, Disk alemba HDD, GPU ndi Intel HD Graphics 520. Pa foni patsala 3 GB.

Che Jafali
Zikomo, tsopano tikhoza kukamba zenizeni. DaVinci Resolve muyiiwale kaye pa makina amenewa. Ndi yabwino zedi ndipo ndi yauleredi monga anenera a Mada, koma eni ake, a Blackmagic Design, amanena okha kuti pa Windows imafuna ramu ya 16 GB, ndipo ntchito yake yambiri imatsamira pa GPU, kachipangizo kogwira ntchito ya zithunzi. Yanuyo ilibe memori yakeyake, imabwereka ku ramu ya 8 GB yomweyo imene Windows yadya kale gawo. Zimene zimachitika n'zodziwika: kapena ikana kutseguka n'kulemba za Unsupported GPU Processing Mode, kapena itseguka koma chithunzi chiziyenda modukizadukiza, kenako n'kutulutsa uthenga woti GPU memory yadzaza. Fayilo yake yoyikira ndi yoposa 2 GB, ndiye bandulo yathera pachabe. Mukagula ya Studio, ya madola 295, vuto limakhala lomwelo, chifukwa ndalamazo zimatsegula zinthu zowonjezera, sizipepukitsa pulogalamu. Premiere nayo pa 8 GB ndi hadi disiki yozungulira idzakulizani.

Imene ndingakuuzeni ndi Shotcut. Ndi yaulere kotheratu, siifuna akaunti, siifuna intaneti mukamagwira ntchito, ndipo kuyidawuniloda sikufika 200 MB. Muyitenge pa `shotcut.org` pokhapo. Musanalowetsemo kanema aliyense chitani izi motsatana.

Pangani foda imodzi pa laputopu, mukoperemo zojambula zonse ndi nyimbo ya ku situdiyo. Mukopere ndi chingwe. Musatumizirane pa WhatsApp ngati kanema wamba, chifukwa imafinya chithunzi ndipo chikafinyika sichibwereranso. Ngati palibe njira ina, tumizani ngati Document. Musaeditirenso pa fulashi. Pulojekiti ya Shotcut ndi kafayilo kakang'ono ka `.mlt` kamene kamangosunga njira yopita ku makanema anu, m'kati mwake mulibe kanema. Mukazula fulashi kapena kusintha dzina la foda, idzakuuzani kuti mafayilo akusowa.

Mukatero pitani pa Settings, Video Mode, musankhe HD 1080p 30 fps ngati mafoniwo anajambula pa 30. Mubwerere pa Settings, pa Preview Scaling musankhe 360p, ndipo pa Proxy muchonge Use Proxy. Apa ndi pamene pagona nkhani. Pulogalamuyo ipanga timakope topepuka ta kanema aliyense, inu muzidula ndi kulumikiza pa timakopeto, koma potulutsa kanema womaliza imabwerera yokha ku mafayilo enieni aja. Chithunzi chikamaoneka chosawala bwino pamene mukuedita musadandaule, si mmene chidzatulukire. Kupanga timakopeti pa mphindi 40 kutenga nthawi ndithu pa purosesa yanuyo. Muziona mmene zikuyendera kumanja pa Jobs, ndipo muyambitse magetsi alipo, chaja ili m'kati.

Mayi a Yankho
Pepani kulowerera. Ine ndimapanga mapositala a misonkhano ya amayi ndi makadi a chinkhoswe. Shotcut yomweyo ingandithandize kuchotsa zakumbuyo kwa chithunzi? Ndimafuna ndisiye kulipira mwezi ndi mwezi.

Tadala Edits
Mayi, imeneyo ndi ya makanema, siikuthandizani. Pa laputopu yesani GIMP, ndi yaulere, koma kudula munthu pa chithunzi ndi ntchito ya manja, makamaka pa tsitsi. Kukonza kuwala ndi mitundu pa foni, Snapseed imakwana ndipo salipiritsa. Mutsegule funso lanulo palokha kuti tilikambe bwino.

Kubwerera kwa a Chisomo, ine ndikusiyana pang'ono ndi Che Jafali. Munthu amene sanaeditepo amaphunzira msanga pa foni. Pa VN kapena CapCut mumatsina ndi zala, kudula, kukoka, madzulo amodzi mwadziwa. Shotcut poyamba imasokoneza, mawindo ali mbwee ndipo palibe chimene chimakulozerani poyambira. Komanso foni ya masiku ano ili ndi kachipangizo kake kowerengera kanema wa mtundu umene imajambula yokha, n'chifukwa chake foni yotchipa nthawi zina imaseweretsa kanema bwino kuposa laputopu ya zaka zambiri.

Che Jafali
Zimenezo sindikutsutsa, a Tadala. Akanakhala kanema wa mphindi imodzi wa pa sitetasi, ndikanati foni basi. Koma tiwerengere malo. Foni yojambula 1080p pa 30 imalemba pafupifupi 17 Mbps, ena kuchepera ena kupitirira. Tikachulukitsa 17 ndi masekondi 60 n'kugawa ndi 8, tikupeza pafupifupi 128 MB pa mphindi. Mphindi 40 ndiye kuti 5 GB ndi kanthu. Theka lake lili pa foni ya mnzawo, ndiye kulikopera kokha kudya 2.5 GB pa 3 GB yotsalayo. Kanema womaliza wa mphindi 6 pa 8 Mbps ndi 360 MB ina, osawerengera zimene apu imasunga mobisa ikamagwira ntchito. Mapeto ake ekisipoti imaima panjira, foni yatentha, ntchito ya masiku atatu ili m'katimo.

Chachiwiri, kanema wa kwaya ndi nkhani ya milomo. Muyenera kugwirizanitsa pakamwa pa oimba ndi nyimbo ya ku situdiyo, ndipo kusiyana kwa mafulemu atatu okha, komwe ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi, woonera amakuona. Kusuntha kilipu ndi fulemu imodzi pa sikirini ya foni ndi chala n'kovuta. Pa laputopu mumakulitsa tayimulayini mpaka mafunde a mawu aoneke bwinobwino.

Tadala Edits
Pa malo ndavomera. Koma ngati mungafune kuyesa pa foni, achemwali, chenjerani ndi chinthu chimodzi pa CapCut. Mafiluta ndi matiranzishoni ena ali ndi kachizindikiro ka Pro. Apu imakulolani kuwaika, mumaona kanema akukongola, koma mukafika pa Export ndi pamene imakuuzani kuti mulipire kapena muchotse zonse za Pro. Ngati munaziwaza m'malo makumi awiri, muyamba kusaka chimodzichimodzi. Ndipo chimene chili chaulere lero chikhoza kusamukira ku Pro apu ikasinthidwa. Ndiye pa pulogalamu iliyonse, yaulere kapena yoyeserera, tsiku loyamba dulani masekondi 30, muikemo mawu olembedwa, tiranzishoni ndi nyimbo, n'kutulutsa pa 1080p. Muonere fayiloyo pa foni ina. Ngati pali chidindo, malire a utali kapena khomo lolipiritsa, mudziwa musanathe mphamvu zanu.

Mada Ndix
Koma abale nkhani ya ndalamayi tikuikulitsa. M'tauni muno anyamata okonza makompyuta amakuikira Premiere yokiraka, ndipo ya foni pali mamodi otsegula Pro yonse. Anthu ambiri akudyera momwemo.

A Nankhoma
Achimwene, zimenezo musamuphunzitse mwana wa eni. Ndisiye kaye nkhani yoti ndi kuba ntchito ya anthu, ndikambe za ngozi yake. Poika pulogalamu yokiraka amayamba ndi kuzimitsa Windows Security, chifukwa ikapanda kuzimitsidwa imafufuta fayiloyo. Mwatsegula chitseko nokha, ndipo m'mafayilo oterewa ndi mmene amabisamo tizilombo toba mapasiwedi osungidwa mu bulawuza, kapena totseka mafayilo onse n'kumafuna dipo. Pa foni n'zoopsa kuposa, poti ndi momwe muli ndalama za m'manja ndi mauthenga a manambala achinsinsi. Ndipo kiraki siiwonjezera ramu. Laputopu ija idzalemedwa chimodzimodzi.

Tsono poti akwaya akufuna kusonkha, ndifotokoze mmene kulipirako kumakhalira, chifukwa ambiri amagwa apa. Premiere sagulitsa kamodzi, ndi lendi. Mtengo umene amaonetsa patsogolo, wa madola pafupifupi 23 pa mwezi, ndi wa pangano la chaka chonse lolipira mwezi ndi mwezi. Pa sikirini amalemba Annual, billed monthly. Masiku 14 oyamba akadutsa, mukafuna kusiya amakulipiritsani theka la ndalama za miyezi yotsala. Tinene kuti mwagwiritsa ntchito miyezi itatu, kanema watha, mukufuna kutuluka. Yatsala miyezi 9, yomwe ndi madola 207, theka lake ndi madola oposa 100 ongotulukira pakhomo. Ya mwezi umodzi yopanda pangano ilipo, koma ndi yokwera mtengo. Masiku 7 oyeserera amene amapereka amafuna khadi poyamba, ndipo mukaiwala kuletsa amayamba kudula okha.

Zonsezi ndi madola. Tonse tikudziwa mmene ndalama zakunja zikuvutira, makhadi ambiri ali ndi malire pa zolipira kunja, ndipo mwezi umene khadi yakana pulogalamu imatsekeka, pulojekiti yanu osatseguka mpaka mutalipira. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense wa lendi yotereyi anadzuka mtengo wake m'makwacha utakwera, pomwe pulogalamu ndi yomweyo. Za pa foni nazo zimadzibwereza zokha, ndipo kuchotsa apu sikuletsa kudulako. Muyenera kulowa mu Play Store, pa Payments & subscriptions, n'kuletsa kumeneko.

Mada Ndix
Za theka la miyezi yotsalazo sindimazidziwa, mayi, zikomo. Koma pa mfundo imodzi sindisuntha. Ngati asisiwa akufuna kudzalembedwa ntchito ku situdiyo kapena ku kanema, kumeneko akafunsidwa Premiere. Palibe amene adzawafunse Shotcut.

Che Jafali
Apo muli ndi mfundo. Komabe zimene munthu amaphunzira miyezi yoyamba, kudula pa malo oyenera, kusanja matiraki, kugwirizanitsa mawu ndi chithunzi, kusankha makulidwe potulutsa, zimasamuka naye kulikonse. Chosintha ndi malo a mabatani. Ine ndimati munthu alipire pamene angathe kutchula ndi dzina chinthu chimene chikumutsekereza. Mwachitsanzo, wojambula maukwati usiku m'holo za mdima amafuna chochotsera timadontho m'chithunzi, ndipo mu Resolve chabwinocho chili mu Studio mokha. Ameneyo madola 295 olipira kamodzi ali ndi chifukwa, poti ntchito ikumubwezera. A Chisomo palibe chawatsekereza panopa.

Ndalama za kwayazo, ngati zilipo, zipite ku SSD, disiki yothamanga yosazungulira, ya 256 GB kapena 512 GB m'malo mwa hadi disiki ija, komanso ramu ina ya 8 GB poti kabowo kamodzi kali pululu. Mupite nayo laputopuyo kwa wogulitsa, chifukwa a m'badwo umenewo ena amalandira DDR3L ena DDR4, ndipo sizilowana.

Chisomo wa ku Bangwe
Ndabweranso. Ndinaika Shotcut dzulo monga munanenera, ndipo ikuyenda bwino ndi timakope tija. Koma pali vuto. Ndatenga kilipu yaitali imene tinaimba nyimbo yonse osaima, tikutsatira sipika. Ndagwirizanitsa poyamba, milomo ikugwera bwinobwino. Pofika mphindi yachinayi milomo ikutsogola, kumapeto ndiye yasiyana pafupifupi sekondi yathunthu. Kodi si chifukwa choti ndi yaulere? Mwina yolipira ikanakonza yokha?

Che Jafali
Ayi, vutolo lili mu fayilo, ndipo likhoza kukutsatirani ngakhale mu yolipira. Mwafotokoza bwino kwambiri, chifukwa kusiyana kuli mitundu iwiri. Kukakhala kofanana kuyambira poyamba mpaka kumapeto, ndiye kuti mwangoika kilipu pa malo olakwika, isuntheni basi. Kukamakula pang'onopang'ono ngati kwanuku, kawirikawiri ndi chifukwa choti foni sijambula mafulemu ofanana sekondi iliyonse. Imalemba kuti 30, koma m'kati mwa tchalitchi mukada kapena foni ikatentha imatsika, kenako n'kukweranso. Pulogalamu ya pa laputopu imayembekezera mafulemu oyenda mofanana, ndiye timipata timeneti tikaunjikana chithunzi chimathawa nyimbo.

Kuti mutsimikize, ikani kapulogalamu kaulere ka MediaInfo, mutsegule fayiloyo, muone mzere wa Frame rate mode. Mukapeza Variable, ndi chimenecho. Mu Shotcut momwemo muli mankhwala ake: dinani kilipuyo, pitani pa Properties, dinani Convert, musankhe yoyamba ija yotulutsa MP4. Zinazo zimatulutsa mafayilo aakulu kwambiri, disiki idzadza. Ena amakonda HandBrake: pa Video muike Framerate pa 30, muchonge Constant Framerate, ndipo RF ikhale 18 kapena 20. Odziwa ffmpeg amalemba mzere umodzi:

```
ffmpeg -i kwaya1.mp4 -vf fps=30 -c:v libx264 -crf 18 -c:a aac -b:a 192k kwaya1_cfr.mp4
```

Fayilo yatsopanoyo ndi imene muike pa tayimulayini, yakaleyo muisunge. Ndipo musasinthe zonse za mphindi 40, sankhani makilipu amene muwagwiritsedi ntchito.

Kenako nyimbo ya ku situdiyo ikhale pa tiraki yakeyake ya mawu. Sankhani kilipu ya kanema, dinani kumanja kwa mbewa, mupeze Align To Reference Track, muloze tiraki ya nyimboyo. Pulogalamu imamvetsera mawu a sipika amene foni inatola n'kuwafananitsa ndi nyimbo. Ikagwirizanitsa, ndi pamene muzimitse mawu a kilipuyo. Mukawachotsa poyamba ilibe chofananitsa.

Tadala Edits
Ndiwonjezere. Ngati mwasintha fayilo koma milomo ikuthawabe, yang'anani ngati nyimbo imene inkalira pa sipika ndi yomweyo imene muli nayo pano. Masitudiyo amapereka kope loyamba, kenako lomaliza atakonza, ndipo nthawi zina amadula kapena kuwonjezera kachigawo. Zikatero palibe batani lothandiza. Njira yake ndi kudula kilipu pa vesi iliyonse ndi S n'kugwirizanitsa chidutswa chilichonse pachokha. Kanema wa kwaya sakhala pa chithunzi chimodzi nthawi yaitali, masekondi asanu kapena asanu ndi atatu mwasintha, ndiye podulapo mumabisa ndi chithunzi cha foni yachiwiri.

Apa mpamene ndimanenera kuti foni ili ndi ubwino wake, chifukwa ma apu a pa foni anapangidwira mafayilo oterewa, vutoli silionekaoneka.

A Nankhoma
Zoona, koma pa 3 GB sakanafika n'komwe pamenepo. Mwana wanga, potulutsa kanema pitani pa Export, musankhe YouTube pa mndandanda wa kumanzere, musagwire zina. Mukachonga Use hardware encoder n'kudina Configure kenako Detect, purosesa yanuyo iyenera kupeza `h264_qsv`, ndipo kutulutsa kumafulumira kwambiri. Ikalephera, chotsani chongacho mutulutse mwa nthawi zonse. Laputopu ikhale pa thebulo, osati pa bedi kapena pa chitenje, chifukwa mphepo ikatsekeka imatentha n'kuyamba kuchedwa yokha. Magetsi akazima pakati pa ekisipoti batire n'kutha, fayiloyo siitseguka, mumayambiranso. Ndiye muzidina Ctrl ndi S pafupipafupi, ndipo madzulo aliwonse musunge kope lina la pulojekiti ndi dzina la tsikulo.

Mada Ndix
Ine ndikuonabe kuti akaika SSD ndi ramu ya 16 GB ayese Resolve. Ndaonapo anthu akuyiyendetsa pa malaputopu opanda GPU yapadera.

Che Jafali
Pa mapurosesa atsopano imayendadi, makamaka pa 1080p. Pa HD Graphics 520 ndikukayika, ngakhale ramu itakwana. Akafuna ayese kanema uyu akatha, atenge fayilo yoyikirayo pamene pali intaneti ya ofesi kapena ya sukulu, osati pa bandulo yawo.

Chisomo wa ku Bangwe
MediaInfo yalembadi Variable pa makilipu a m'kati mwa tchalitchi. Ndasintha yaitali ija ndi Convert, yatenga nthawi koma milomo tsopano ikugwera mpaka pa Amen. Atsogoleri ndawauza kuti ndalamazo tigulire SSD, Loweruka ndipita nayo laputopu ku Limbe. Chatsala n'chakuti makilipu a foni ya mnzanga akuoneka otuwa kuyerekeza ndi anga, ngati kuli nkhungu. Nawonso ndiwasinthe chimodzimodzi?

Che Jafali
Atseguleni kaye mu MediaInfo, muone mizere ya Bit depth ndi Transfer characteristics. Mukapeza 10 bits ndi HLG, ndiye kuti foniyo inajambula ndi HDR, ndipo pa windo la Convert lija pali kabokosi ka Convert to BT.709 colorspace koti muchonge. Mukapeza 8 bits ndi BT.709, ndiye kuti mafoniwo angosiyana kaonedwe ka kuwala, tidzakonza ndi mafiluta a Contrast ndi White Balance. Tumizani chithunzi cha zimene yalemba tione.